Shati imodzi, matelala atatu: pa chojambula tilembepo chiyani kuti asasoke mongoganizira?

Amake Taonga:
Muli bwanji nonse pagulu. Funso langa ndi la pepala, osati la makina. Pali oda ya mashati a yunifomu a anyamata, a mikono yaifupi, nsalu yoyera yogula ku Kamwala, ndipo ayenera kutha sukulu zisanatsegulidwe mu Januwale. Osoka ndi atatu: wina ku Matero, wina ku Chawama, wina kuno ku Chilenje. Onse analandira chojambula chimodzimodzi, shati yoyalidwa pansi, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi manambala atatu pambali: chifuwa 86, kutalika 58, mkono 18. Masampulo abwera atatu osafanana. Ya ku Matero ndi yotakata ngati ya mkulu wake wa mwanayo. Ya ku Chawama thumba lili kumanja. Ya kuno m'mbali mwasokedwa ndi ovaloko yokha, ukakoka ulusi ukuonekera pamsoko. Aliyense akuti watsatira pepala. Kodi pa chojambula chotere pamalembedwa chiyani, ndipo pamalembedwa pati?

Chikondi Dizaini:
Amake Taonga, jambulani shatiyo itavalidwa ndi mwana, muikenso mtundu ndi mithunzi. Telala akaona mmene ikukhalira pathupi amamva msanga kuposa chithunzi chouma cha mizere yokhayokha.

A Tembo a mapatani:
Mwanawe Chikondi, chithunzi cha shati itavalidwa ndi cha kasitomala, kuti aikonde shati. Cha telala ndi chouma chomwecho, chifukwa pathupi mkono umabisa msoko wa m'mbali ndipo mthunzi umabisa masitichi. Chojambula cha amake Taonga sichinalakwike poyala shati pansi. Changotsala osayankhula.

Tiyambe ndi mizere, manambala abwera pambuyo. Pa chojambula pakhale mizere ya mitundu itatu, ndipo uliwonse ukhale ndi ntchito imodzi. Mzere wonenepa wosadukiza ndi malire a chovala, pamene nsalu yathera. Mzere wowonda wosadukiza ndi msoko, pamene nsalu ziwiri zakumana: paphewa, pa yoko kumbuyo, pozungulira mkono, m'mphepete mwa thumba. Mzere wodukizadukiza ndi ulusi umene diso limauona kunja kwa chovala chikatha. Ngati pa yoko pali msoko wopanda ulusi pamwamba, jambulani mzere umodzi wosadukiza basi. Ngati pali ulusi pamwamba, pambali pake pabwere wodukiza. Ngati ulusi ndi mizere iwiri, yodukiza ikhalenso iwiri. Telala amawerenga mizere asanawerenge mawu, ndiye mukajambula mzere wodukiza pongokongoletsa chithunzi, adzausoka.

Nkhani ya thumba ndi yosavuta. Kumanzere ndi kumanja pa chovala timawerengera wovala, osati woyang'ana pepala. Thumba la kumanzere kwa mwana limaoneka kumanja kwa pepala pa chojambula cha kutsogolo. Ngati pepala linajambula thumba mbali ina ndipo pakamwa munanena kuti kumanzere, wa ku Chawama anangosankha chimodzi. Lembani pamuvi wa thumba kuti "kumanzere kwa wovala". Chimodzimodzi pa mabatani: shati ya mnyamata mbali ya kumanzere, ya mabowo, imakhala pamwamba pa ya kumanja, ndipo mzere wa m'mphepete mwa pulaketi uyenera kuonetsa mbali imene yakwera inzake.

Jere wa ku Soweto:
A Tembo, apo pa mzere wodukiza ine ndikana pang'ono. Kusukulu pojambula za matabwa ndi zitsulo, mzere wodukiza ndi chinthu chobisika mkati. Manje ngati ndaona wodukiza pa pulaketi, ine ndiganiza kuti ndi pamene nsalu yopindira mkati yathera, osati kuti ndisoke pamwamba.

A Tembo a mapatani:
A Jere, simunaname, kwa akalipentala ndi choncho. Ndipo mwatchula malo enieni amene vutoli limagwera. Pulaketi ina imangopindidwa kawiri mkati n'kugwidwa ndi mabatani ndi mabowo ake, kunja osaoneka ulusi. Ina imasokedwa pamwamba. Pa zovala anthu ambiri amagwiritsa ntchito wodukiza ngati ulusi, koma popeza pali owerenga ngati inu, njira yabwino ndi kusajambula zobisika pa chojambula cha kunja. Zamkati zipatseni kachithunzi kawokawo pambali, kolembedwa kuti "mkati", koonetsa mmene pulaketi yapindikira ndi pamene sitifu yafika. Ndipo pakona ya pepala ikani kabokosi ka mizere itatu ija, uliwonse ndi tanthauzo lake. Kabokosi kameneka kamatenga malo ochepa, koma kamathetsa mkangano ngati uwu.

Mai Zulu:
Ine nditenge ya ovaloko, chifukwa ndiyo imene idzabweze mashati kuchokera kwa makolo. Mzere pa chojambula umangonena kuti apa pali msoko. Sunena kuti nsalu zasanjikizana bwanji, kapena kuti zasokedwa ndi ulusi ungati. Zimenezi zimanenedwa ndi muvi wochokera pamsokowo kupita kunja kwa chojambula, ndipo kumapeto kwa muvi kumakhala nambala mu kabwalo. Pansi pa pepala nambala iliyonse imafotokozedwa.

Mitundu ya masitichi ili ndi manambala ake odziwika padziko lonse, a mu ISO 4915, ndipo pa shati iyi mukufuna ochepa chabe. 301 ndi sitichi ya makina owongoka amene tonse tili nawo, ulusi umodzi pasingano wina mu bobini, ndipo imaoneka chimodzimodzi kunja ndi mkati. 504 ndi ovaloko ya ulusi utatu, yotseka m'mphepete kuti nsalu isathothoke. 516 ndi ovaloko ya ulusi usanu, imene imasoka mizere iwiri nthawi imodzi: tcheni cha 401 chogwira msoko, ndi 504 pambali pake yotseka m'mphepete. 304 ndi zigizagi, imene ikathinana kwambiri imapanga mabowo a mabatani ndi zomangira pa makona.

Telala wa ku Chilenje anasoka m'mbali ndi 504 yokha. Pa nsalu yotanuka ngati ya sikipa anthu amalumikiza ndi ovaloko ndipo zimayenda. Pa nsalu ya shati, yosatanuka, 504 imangogwira timamilimita tochepa ta m'mphepete, ndiye mwana akatambasula mikono msoko umatseguka, ulusi n'kuonekera, ndipo pakapita nthawi nsalu imasololoka mu ulusimo. Chimene pepala linayenera kunena ndi 516, kapena 301 kenako 504.

Amake Taonga:
Zikomo mai. Koma matelala angawa manambala amenewa sawadziwa. Ndikalemba 516 adzandiimbira foni kufunsa ngati ndi mtengo.

Mai Zulu:
N'chifukwa chake nambala siiyenda yokha. Imayenda ndi mawu amene iwo amanena, ndi kachithunzi ka msoko wodulidwa pakati. Tiyerekeze kuti mwatenga sizasi n'kudula msoko mopingasa, n'kuyang'ana podulapo. Nsalu iliyonse imaoneka ngati mzere umodzi, wowongoka kapena wopindika. Pamene singano yadutsa mumaika kamzere koimirira kodula nsalu zonse zimene yaboola. Msoko wamba ndi mizere iwiri yosanjikizana ndi kamzere kamodzi kodutsa. Mpindiro wopinda kawiri ndi mzere umodzi wopindika kawiri, kamzere kodutsa nsalu zitatu. Munthu amene sadziwa kuwerenga bwino amamva kachithunzi kameneka nthawi yomweyo, ndipo kuno ku Lusaka, kumene wosoka wina amayankhula Chibemba wina Chitonga, kachithunzi ndi nambala zimafika kwa onse.

Mfundo za shati yanu zikhoza kulembedwa motere:

```
1  M'mbali ndi pansi pa mkono: SSa, 516 (kapena 301 + 504), chosiya 1 cm
2  Yoko kumbuyo: 301, ulusi pamwamba 1.5 mm kuchokera pamsoko
3  Kolala m'mphepete: 301, 6 mm kuchokera kumphepete
4  Mpindiro wa pansi: EFb, pinda kawiri 1 cm, 301
5  Mpindiro wa mkono: EFb, womaliza 2.5 cm, 301
6  Thumba: 301, 1.5 mm kumphepete, katatu pa makona a pamwamba
301 yonse: masitichi 4 mpaka 5 pa 1 cm
```

Zilembo za SSa ndi EFb ndi maina a kagonedwe ka nsalu amene mafakitale amagwiritsa ntchito, SSa msoko wamba, EFb mpindiro wopinda kawiri. Kwa matelala atatu a m'komboni mukhoza kuzisiya ngati kachithunzi kalipo. Koma mtunda wa ulusi kuchokera kumphepete musausiye. Mawu oti "soka pamwamba" amabweretsa kolala zitatu: wina ayenda kumphepete kwenikweni, wina atsatira m'lifupi mwa phazi la makina ake, wina ayeza ndi diso.

Ba Mulenga amakina:
Ndionjezepo pa masitichi 4 mpaka 5 pa sentimita. Musalembe nambala ya pa chotembenuzira cha makina, monga "ikani pa 3". Pa makina ena nambala imeneyo ndi mamilimita, pa makina akuda akale ena ndi kuchuluka kwa masitichi pa inchi, ndipo pa makina otopa siigwirizananso ndi chimene chikutuluka. Lembani chimene chingawerengedwe pa chovala chotha. Sitichi ya mamilimita 2.5 imapereka masitichi 4 pa sentimita, pafupifupi 10 pa inchi. Ya mamilimita 2 imapereka 5. Poyesa, ikani tepi pamsoko muwerenge masitichi pa masentimita 3, muyenera kupeza pakati pa 12 ndi 15. Akachepa kufika 9, msoko ndi wofooka ndipo wosoka akuthamangitsa ntchito. Akachuluka kupitirira 18 pa nsalu yopyapyala yolukidwa mothina, msoko umayamba kukwinyika ndipo simbi siiwongola.

Chinanso, musanalembe 516 funsani kaye ngati makinawo alipo. Ma ovaloko ambiri a m'misika ndi a ulusi utatu kapena unayi. Mukalemba chimene munthu alibe, sadzakuuzani, adzangosoka chimene chili pafupi. Ndiye mawu aja oti "kapena 301 + 504" ndi ofunika kwambiri. Pansi lembaninso singano nambala 80 kapena 90 ndi ulusi wa 120. Singano ya 110 yotsala pa jinzi imasiya mabowo ooneka pa nsalu yoyera.

Jere wa ku Soweto:
Ovaloko ya ulusi unayi ndiye yokwana kale, ba Mulenga. Ili ndi singano ziwiri, palibe chifukwa chodutsanso ndi makina owongoka. Pa mashati 200 kudutsa kawiri ndi tsiku lathunthu lotayika.

Mai Zulu:
Ya ulusi unayi ndi 514, ndipo ndi yolimba kuposa 504, a Jere, pamenepo ndikuvomera. Koma singano zake ziwiri zayandikana, zonse zili pafupi ndi m'mphepete, pamene pa 516 tcheni chili patali ndi mphepete ndipo chimanyamula katundu chokha. Pa nsalu yothina bwino 514 ikhoza kupirira. Pa nsalu yotchipa yothothoka msanga, ine sindingailole m'khwapa mwa mwana wosewera mpira.

Jere wa ku Soweto:
Mashati ambiri opachikidwa mu City Market ndi a ulusi unayi ndipo ana akuvala chaka chonse.

Mai Zulu:
Ena akutha chaka, ena akung'ambika teremu yoyamba. Sokani timisoko tiwiri pa zidutswa za nsalu yomweyi, kena 514 kena 301 ndi 504, mukoke ndi manja mopingasa. Amake Taonga asankhe ataona. Chofunika ndi choti chimene asankhe chilembedwe, atatu onse asoke chimodzi.

A Tembo a mapatani:
Tsopano shati yotakata ya ku Matero, chifukwa pamenepo ndi pamene nsalu ikutayika. Pepala linati chifuwa 86. Nambala imeneyi ili ndi matanthauzo awiri. Ikhoza kukhala thupi la mwana, kapena shati yotha. Telala wozolowera kuyeza makasitomala akaona "chifuwa 86" amadziwa kuti ndi thupi, ndiye amaonjezera malo opumira, mwina masentimita 14, shati n'kutuluka 100. Amake Taonga, yalani sampuloyo muyeze, ndikukhulupirira mupeza pafupifupi 50 kuchokera mbali ina kufika ina.

Pa chojambula cha telala miyezo yonse ndi ya chovala chotha, choyalidwa pathebulo, mabatani atamangidwa, chosakokedwa. Mawu amenewa alembedwe pamwamba pa miyezo ndi zilembo zazikulu. Mwana wa chifuwa cha 72 amavala shati yozungulira 86, ndipo shati imeneyo ikayalidwa imayezeka 43. Lembani 43, ndi mawu oti "theka". Ena amakonda kulemba 86 yozungulira, si tchimo, koma pepala limodzi lisasakanize. Ngati chifuwa ndi theka, pansi pa shati ndi pakamwa pa mkono pakhalenso theka.

Muyezo uliwonse umafuna zinthu zitatu: chilembo, mzere wa mivi iwiri pa chojambula, ndi mawu onena poyambira ndi pothera. Chifuwa sichiyezedwa paliponse. Chimayezedwa masentimita 2.5 pansi pa m'khwapa, pamene mkono wakumana ndi msoko wa m'mbali, chifukwa pamphambano penipenipo pamakhala potupa ndipo nsalu imayamba kale kutembenukira ku mkono. Muvi wake uyambe pamzere wa m'mbali ndi kuthera pamzere winawo, nsonga zake zikhudze mizere. Muvi woyandama pakati pa shati sunena kanthu.

Amake Taonga:
Ndayeza, a Tembo. Ya ku Matero ndi 50.5. Zina ziwiri ndi 43 ndi 44. Koma kutalika nakonso kwasiyana, 58, 60 ndi 61, ngakhale onse akuti anadula 58.

A Tembo a mapatani:
Onse akunena zoona, anangoyambira malo osiyana. Kutalika kukhoza kuyambira pakati pa khosi kumbuyo, pansi pa kolala, kapena pamwamba penipeni pa phewa pafupi ndi khosi. Malo achiwiriwa ali pamwamba kuposa oyambawo ndi masentimita awiri kapena kupitirira pang'ono. Amene anayeza 58 kuchokera pakati pa khosi, shati yake mukaiyeza kuchokera paphewa mupeza 60.

Wa 61 ndikumuganizira kuti anagwa mu msampha wa yoko. Pa shati ya yoko msoko wa phewa sukhala pamwamba penipeni, umatsetserekera kutsogolo ndi masentimita 2 mpaka 3. Shati ikayalidwa, pamwamba pa phewa ndi pamene nsalu ya yoko yapindikira, osati pamsoko. Munthu akayeza 58 kuchokera pamsokowo kutsika, shati imatalika ndi masentimita atatuwo. Choncho pa chojambula ikani kadontho kakuda pamene kolala yakumana ndi popindikira phewa, mukatche dzina, ndipo miyezo yonse yotsika iyambire pamenepo: kutalika, pamene thumba liyambire, kuya kwa yoko. M'mafakitale kadontho kameneka amakalemba HPS. Ngati pansi pa shati ndi pokhota, muvi utsike mowongoka kufika kumapeto kwa nsalu pansi pa kadonthoko, ndipo kukwera kwa m'mbali kukhale ndi muyezo wakewake.

Pepala la miyezo la saizi yanu likhoza kuoneka chonchi:

```
A  Chifuwa, theka, 2.5 pansi pa khwapa          43    ±1
B  Kutalika, HPS mpaka pansi                    58    ±1
C  Mapewa, msoko wa mkono mpaka unzake          35    ±0.5
D  Mkono, msoko wa phewa mpaka kumapeto         18    ±0.5
E  Pakamwa pa mkono, theka                      15    ±0.5
F  Khosi, pakati pa batani mpaka kothera bowo   33    ±0.5
G  Thumba, m'lifupi x kuya                   10 x 11  ±0.3
H  Thumba: 16 pansi pa HPS, 4.5 kuchokera pa mzere wa mabatani
```

Onani H. Thumba silikhala pamalo ndi muyezo umodzi. Limafuna wotsika ndi wopingasa, ndipo wopingasa uyambire pa mzere wa mabatani, umene ndi pakati penipeni pa shati, osati kumphepete kwa pulaketi. Pa pulaketi ya masentimita 3 kusiyana kwake ndi 1.5, ndipo ana akaima pamzere pa asembule matumba osiyana motero amaoneka.

Amai Daka a ku Kabwata:
Pepani ndilowererepo ndi yanga. Pali diresi la chitenge lokhala ndi maluwa aakulu ndi mzere wa m'mphepete. Chojambula chinali ndi miyezo yonse, koma duwa latuluka mozondoka kumbuyo ndipo mzere wa m'mphepete wapita m'chiuno m'malo mwa pansi. Kodi zimenezi zimalembedwanso pa chojambula chomwechi, kapena ndi za wodula?

A Tembo a mapatani:
Ndi za wodula, amai, koma wodula amamvera pepala. Chojambula cha misoko chisiyeni choyera, chifukwa maluwa amabisa mizere yodukiza. Jambulani kachiwiri kakang'ono, muikepo muvi woloza kumwamba pa chidutswa chilichonse wonena kuti mutu wa duwa uloze uku, ndipo mudetse pamene mzere wa m'mphepete ugwere, ndi m'lifupi mwake. Dziwaninso kuti mzere wa chitenge umayenda m'litali mwa nsalu. Kuti ugwere pansi pa diresi, siketi idulidwa mopingasa, ndipo kutalika kwake sikungapitirire m'lifupi mwa chitenge, pafupifupi mamita 1.15. Pansi pakenso payenera kukhala powongoka, pakakhota mzere umadyeka m'mbali.

Chikondi Dizaini:
Ndamva tsopano kusiyana kwake, zikomo a Tembo. Kwa ojambula pa kompyuta: mu Illustrator malire ndimaika 1.5 pt, misoko 0.75 pt, ulusi 0.5 pt ndi Dashed Line ya dash 2 pt ndi gap 1 pt. Mu Inkscape zili pa Fill and Stroke, pansi pa Stroke style. Jambulani theka la shati, mulitembenuze kuti mbali zifanane, kenako muikepo thumba ndi pulaketi. Mivi ndi manambala zikhale pa leya yawoyawo. Koma funso langa ndi ili: bwanji osaika zonse patsamba limodzi, manambala a misoko ndi zilembo za miyezo? Telala amataya mapepala.

Mai Zulu:
Chifukwa mivi 8 ya miyezo ndi mivi 6 ya misoko pa shati imodzi imayamba kudutsana, ndipo muvi wa chifuwa ukadutsa pathumba umaoneka ngati msoko. Masamba awiri, chojambula chomwecho: lina la manambala, lina la zilembo. Mivi ya misoko ituluke kunja kwa chovala, isadutsane, manambala azungulire motsatana ngati a pa wotchi. Musadalire mtundu wofiira kusiyanitsa mivi ndi misoko, pepala likadutsa pa fotokope zonse zimada. Ndiponso ambiri adzaliona pa foni, ndiye mizere ya 0.5 pt ija muione kaye mutatumiza chithunzi, nthawi zina yodukiza imalumikizana n'kuoneka ngati msoko.

Jere wa ku Soweto:
Ine pepala limodzi chabe ndilo ndimapachika pa msomali pamwamba pa makina. Lachiwiri limathera pansi pa zidutswa. Sindikizani kutsogolo ndi kumbuyo kwa pepala limodzi. Ndipo muikeko mainchi, ambiri ife timayeza ndi mbali ya inchi ya tepi.

A Tembo a mapatani:
Kutsogolo ndi kumbuyo ndi nzeru yabwino. Pa mainchi ndiye ndili ndi mantha. 43 ndi mainchi 16.9, wina alemba 17, ndiye 43.2, palibe vuto. Koma 15 ya pakamwa pa mkono ikhoza kuwerengedwa ngati inchi ndi munthu wothamanga, chifukwa mkono wa mainchi 15 wozungulira ulipo pa shati ya munthu wamkulu. Ngati atatu onse amagwira ntchito ndi inchi, pepala lonse likhale la inchi, patani nayo ikhale ya inchi. Mizati iwiri yoyandikana ndiyo imasokoneza maso.

Jere wa ku Soweto:
Wa ku Matero agwira inchi, mnyamata wa ku Chawama agwira sentimita. Ndiye mutani? Mizati iwiri ilipo pa mapepala ambiri.

Mai Zulu:
Imeneyo amake Taonga aone okha ndi anthu awo. Ine ndibwerere pa manambala aja a kumapeto, a ±, chifukwa palibe wawafunsa. Palibe telala amene angatulutse 43 yeniyeni pa shati iliyonse, ndiye pepala limanena malire ovomerezeka. ±1 pa chifuwa ndiye kuti 42 mpaka 44 ilandiridwa. Sampulo ya 44 ija yapita, ya 50.5 yabwerera. Popanda malire amenewa mudzakangana pa shati iliyonse.

Koma malirewa amayang'ana kusiyana kwa masaizi. Ngati saizi yotsatira ndi 45, kusiyana ndi masentimita 2 pa theka. Mukalola ±1.5, shati yaing'ono ikhoza kutuluka 44.5 ndipo yaikulu 43.5, zonse "zovomerezeka", koma yaing'ono yaposa yaikulu. Malire asapitirire theka la kusiyana kwa masaizi. Ndi ±1 masaizi awiriwa akungokhudzana pa 44, ndipo ineyo ndikanakonda 0.8.

Ya 44 ija muiyang'anenso mkati. Ngati patani inasiya 1.5 m'mbali koma wosoka anadya 1 yokha, monga zimachitikira pa ovaloko, theka la sentimita latsala pa nsalu iliyonse. Misoko ya m'mbali ndi iwiri, uliwonse wa nsalu ziwiri, ndiye shati yakula ndi masentimita 2 kuzungulira, 1 pa theka. Ndi 44 yomweyo. Chosiya cha msoko sichijambulidwa pa chojambula cha chovala chotha, koma chilembedwe pa mfundo ya msoko uliwonse, ndipo chifanane ndi cholembedwa pa patani.

A Tembo a mapatani:
0.8 pa makina opalasa ndi phazi ndi patani ya katoni ndi nkhanza pang'ono, mai Zulu. Tepi zawo zokha zimasiyana ndi timamilimita tingapo zikakalamba. Ine ndingasiye 1, koma ndingagule matepi atatu atsopano a mtundu umodzi n'kuwagawira.

Amake Taonga:
Matepi ndigula mawa ku Kamwala. Latsala la mabatani. Pa chojambula ndinangoika timadontho.

Mai Zulu:
Timadontho tiwerengeke bwino, chifukwa adzawerenga. Limodzi pa khosi, asanu kutsogolo. Lembani kuti loyamba la kutsogolo lili masentimita 6 pansi pa la pakhosi, otsatirawo atalikirane masentimita 8, kuyeza pakati pa batani mpaka pakati pa linzake. Batani la shati la mabowo anayi, la mamilimita 11, limene pa paketi amalemba 18L, limafuna bowo la mamilimita 14, kutanthauza m'lifupi mwa batani kuonjezera kunenepa kwake. Bowo la pakhosi ligone chopingasa kuti lipirire kukoka, a kutsogolo aimirire motsatira pulaketi, ndipo pa chojambula kamzere ka bowo kaonetse zimenezo. Pamwamba pa tsamba lililonse lembani saizi ya sampulo ndi tsiku. Mukasintha kanthu sinthani tsikulo, ndipo mapepala akale muwatenge m'manja mwa matelala onse atatu, chifukwa lotsala pa msomali ndilo lidzatsatiridwe.

Ba Mulenga amakina:
Nsaluyo muichape kaye kachidutswa, amake Taonga. Jambulani bokosi la masentimita 50 mbali zonse, muchape, muumitse, musite, muyezenso. Ikabwerera 49 m'litali, shati ya 58 idzafupika ndi sentimita imodzi ndi pang'ono ikangochapidwa koyamba. Pamenepo a Tembo aonjezere pa patani, ndipo pamwamba pa miyezo mulembe ngati 58 ndi ya shati yosachapa kapena yochapa.